Chiwongoladzanja cha ku banki: ndizichitapa kapena ndizichisiya?

"Ndine mphunzitsi wa pulayimale ku Dedza. Ndinaika K100,000 ku akaunti ya fikisidi, ndipo nthawi yake itakwana wogwira ntchito ku banki anandifunsa ngati ndikufuna kutenga chiwongoladzanja kapena kuchiphatikiza ku ndalama zanga. Anati ndikachisiya, nachonso chizibereka chiwongoladzanja china. Kodi kandalama kochepa chonchi kangasinthe chiyani, ndipo zimenezi amawerengera bwanji?"

Mayi, zimene anakuuzani ku bankiko ndi zoona, ndipo kukayika kwanunso kuli ndi maziko, chifukwa m'zaka zoyambirira kusiyana kwake kumakhala kochepa kwambiri moti munthu akhoza kukunyoza. Phindu la kusiya chiwongoladzanja limadzaoneka mochedwa, ndipo kuti muone pamene limayambira, ndi bwino tiwerengere limodzi chaka ndi chaka pogwiritsa ntchito K100,000 yanu yomweyo. Tiyerekeze kuti banki ikupereka 10 peresenti pa chaka ndipo mlingo umenewu sukusintha. Ndasankha 10 chifukwa ndi nambala yosavuta kuwerengera. Mlingo umene banki yanu ikupereka mudzauika nokha m'malo mwake.

Chaka choyamba chikatha, K100,000 imabereka K10,000. Mukatapa K10,000 imeneyo, mpamba wanu ukhalabe K100,000, ndipo chaka chachiwiri udzaberekanso K10,000 yomweyo, chachitatunso chimodzimodzi. Koma mukaisiya, chaka chachiwiri banki iwerengera 10 peresenti pa K110,000, ndipo chiwongoladzanja chikhala K11,000, kufikitsa ndalama zonse pa K121,000. Chaka chachitatu 10 peresenti ya K121,000 ndi K12,100, zonse pamodzi K133,100. Chachinayi zifika pa K146,410, chachisanu K161,051. K1,000 yoonjezera ya m'chaka chachiwiri ija sinachokere m'thumba mwanu, ndipo banki sinakweze mlingo wake: inaberekedwa ndi K10,000 imene munaisiya. Aliyense amene anawetapo mbuzi amazidziwa zimenezi. Mukamagulitsa mwana aliyense wobadwa, khola limakhalabe ndi msoti umodzi womwewo, koma mukasunga ana aakazi, pakapita nthawi nawonso amayamba kuswa.

Pa zaka zisanu, munthu wotapa chiwongoladzanja chaka chilichonse amakhala atalandira K50,000, pamene wosiya wapindula K61,051. Kusiyana kwake ndi K11,051 yokha, ndipo ndikumvetsa kuti mphunzitsi amene akudikira malipiro a mwezi angaone kuti kudzimana zaka zisanu chifukwa cha ndalama imeneyi n'kosathandiza. Ambiri amalekera pamenepa.

Tiyeni tipitirire. Pakatha zaka 10, ndalama zosiyidwa zija zimafika pa K259,374. Pakatha zaka 20, K672,750. Pakatha zaka 30, K1,744,940. Wotapa uja, tikaphatikiza mpamba wake ndi zonse zimene wakhala akulandira, amakhala ndi K200,000 pa zaka 10, K300,000 pa zaka 20 ndi K400,000 pa zaka 30. Chofunika kuchiona bwino ndi mmene phindu limagawikira m'zaka zimenezi. M'zaka khumi zoyambirira ndalama zinakula ndi K159,374, m'zaka khumi zachiwiri zinakula ndi K413,376, ndipo m'zaka khumi zomaliza zinakula ndi K1,072,190, pomwe mlingo wa chiwongoladzanja unali womwewo ndipo simunaonjezerepo ngakhale tambala. M'chaka cha 30 chokha chiwongoladzanja ndi K158,631, kuposa ndalama yonse imene munayambira nayo. Choncho munthu amene watapa ndalama zake zonse pa chaka cha 10 wapirira nyengo yowawa ya kudikira n'kuchoka zokolola zenizeni zisanache.

Simukuyenera kuwerengera chaka chilichonse pamanja. Njira yachidule imalembedwa motere:

```
A = P × (1 + r)^n
100000 × (1 + 0.10)^20 = 672750
```

Apa `P` ndi ndalama yoyambira, `r` ndi mlingo wa chiwongoladzanja (10 peresenti imalembedwa `0.10`), `n` ndi chiwerengero cha zaka, ndipo `A` ndi ndalama zonse pamapeto. Pa kakyuleta ya mufoni, lembani `100000`, kenako chulukitsani ndi `1.1` kamodzi pa chaka chilichonse chimene mukufuna kuona. Palinso kanjira ka pamtima kamene ndimakakonda chifukwa sikafuna pepala: gawani 72 ndi mlingo wa chiwongoladzanja, ndipo yankho lake ndi pafupifupi zaka zimene ndalama zimatenga kuti ziwirikize kawiri. Pa 10 peresenti ndi zaka 7 ndi miyezi yochepa, ndipo zikugwirizana ndi chitsanzo chathu, chifukwa pa chaka cha 7 ndalama zili pa K194,872 ndipo pa chaka cha 8 zili pa K214,359.

Mpaka pano tawerengera ngati kuti palibe chodya ndalamazo m'njira, koma zodya zilipo, ndipo zikanakhala zosayenera kuti ndikuonetseni K1,744,940 osakuuzani za izo.

Choyamba ndi msonkho. Banki imadula msonkho pa chiwongoladzanja isanachiike mu akaunti yanu, motero chimene chimaberekana ndi chotsala, osati chonse. Tiyerekeze kuti pa K10,000 iliyonse akudula K2,000. Ndiye kuti ndalama zanu zikukula ndi 8 peresenti m'malo mwa 10, ndipo pakatha zaka 30 zifika pa K1,006,266. Kusiyana kwa 2 peresenti, kumene pa chaka chimodzi kumaoneka ngati kanthu kochepa, kwachotsa ndalama zoposa K700,000, chifukwa kwacha iliyonse yodulidwa imapita pamodzi ndi ana ndi zidzukulu zimene ikanabereka. N'chimodzimodzi ndi ndalama zimene mabanki ena amadula mwezi ndi mwezi zosungira akaunti, zimene pa mpamba waung'ono zingathe kumeza chiwongoladzanja chonse.

Chachiwiri, ndipo ndicho chachikulu kuno kwathu, ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Mitengo nayo imakwera mwa njira yomweyi yoberekana, chifukwa kukwera kwa chaka chino kumawerengedwa pa mtengo umene unakwera kale chaka chatha. M'chaka cha 2023 ndi 2024 mitengo ya zinthu m'Malawi inkakwera ndi mlingo woposa 20 peresenti pa chaka, ndipo mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 44 peresenti. Tiyerekeze kuti mitengo yakwera ndi 25 peresenti m'chaka chimene ndalama zanu zakula ndi 10 peresenti. Mu akaunti muoneka K110,000, koma katundu amene munkagula ndi K100,000 tsopano akufuna K125,000, kutanthauza kuti K110,000 yanu ikugula zimene K88,000 inkagula chaka chatha. Nambala yakula, koma sopo, shuga ndi feteleza amene mungatenge nayo wachepa. Kanjira ka 72 kaja kamagwiranso ntchito pano: mitengo ikamakwera ndi 24 peresenti pa chaka, imawirikiza kawiri m'zaka zitatu zokha, pamene ndalama za pa 10 peresenti zikufuna zaka zisanu ndi ziwiri.

Ine ndimaona kuti apa ndi pamene ambiri olemba za kusunga ndalama amawalakwira awerengi a m'dziko muno, chifukwa amatenga zitsanzo za mayiko amene mitengo imakwera pang'ono n'kuziika pa kwacha osasintha kanthu. Chiwongoladzanja choberekana chimalemeretsa munthu pokhapokha ngati mlingo wake, msonkho utachotsedwa, ukuposa kukwera kwa mitengo. Ngati sukuposa, kusiya chiwongoladzanja mu akaunti kumangochepetsa liwiro limene ndalama zanu zikuthera mphamvu, ngakhale kuti zimenezo n'zabwinobe poyerekeza ndi kuzisunga pansi pa pilo, pamene sizibereka chilichonse. N'chifukwa chake nthawi ya fikisidi ikakwana, ndi bwino kufunsa mlingo umene akupereka tsopano, kuuyerekeza ndi wa mabanki ena ndi wa magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama a SACCO, komanso kuuika pambali pa chiwerengero cha kukwera mitengo chimene ofesi ya boma yowerengera zinthu ya National Statistical Office imalengeza mwezi uliwonse.

Mwina muli m'gulu la banki mkhonde, monga aphunzitsi ambiri, ndipo mungadabwe kuti bwanji kumeneko ndalama zimakula msanga chonchi m'miyezi yochepa. Chifukwa chake ndi chomwechi: chiwongoladzanja chimene membala wabweza mwezi uno chimabwereketsedwanso mwezi wamawa, ndipo mlingo wake ndi wa pa mwezi, osati wa pa chaka. Koma kuberekanako kumatha tsiku logawana, kawirikawiri kumapeto kwa chaka, ndipo gawo lonse likapita ku Khirisimasi ndi ku fizi, chaka chotsatira gulu limayambanso pa chiyambi. Dziwaninso kuti phindu limenelo limachokera m'matumba mwa mamembala omwewo amene akubwereka, ndipo mmodzi akathawa ndi ngongole, nonse mumagawana chitayikocho.

Pobwerera ku akaunti yanu, pali malo awiri pamene anthu amasokonezeka. Mlingo umene banki imatchula ndi wa pa chaka, ngakhale fikisidi yanu ikhale ya miyezi itatu. K100,000 yoikidwa miyezi itatu pa 10 peresenti imabereka pafupifupi K2,500, osati K10,000, ndipo anthu ena amadandaula kuti aberedwa pamene sanamvetse zimenezi. Mukamaiikanso pamodzi ndi chiwongoladzanja chake miyezi itatu iliyonse, pakutha pa chaka muli ndi K110,381, kungoposa ndi K381 poyerekeza ndi kuwerengera kamodzi pa chaka. Choncho musavutike kwambiri ndi funso loti chiwongoladzanja chikuphatikizidwa kangati pa chaka; mlingo wake ndi kuchuluka kwa zaka ndi zimene zimalamula. Malo achiwiri ndi pa fomu yomwe mumasainira. Nthawi zambiri pamakhala posankha ngati akuikireninso mpamba wokha kapena mpamba pamodzi ndi chiwongoladzanja, ndipo mukasankha mpamba wokha, chiwongoladzanja chimatumizidwa ku akaunti yanu ya tsiku ndi tsiku, kumene chimasakanikirana ndi malipiro n'kutha osadziwa.

Ngati K10,000 imeneyo mulibe nayo vuto lofulumira, ndipo mulibe ngongole ya chiwongoladzanja chokwera kuposa cha banki imene ikuyenera kubwezedwa kaye, isiyeni ndipo musankhe kuikanso zonse pamodzi. Kenako nthawi yotsatira ikakwana, pemphani sitetimenti ndipo muyang'ane ndalama imene nyengo yatsopano yayambira. Ngati yalembedwabe K100,000, ndiye kuti chiwongoladzanja chinapita kwina ndipo muyenera kukakonzetsa fomu ija. Ngati yalembedwa K100,000 kuphatikiza chiwongoladzanja chotsala msonkho utachotsedwa, ndiye kuti nyengo yachiwiri ikuwerengedwa pa ndalama yokulirapo monga mwa chitsanzo chathu.