Mutu woyamba udikire kaye

"Ine ndi mnzanga tikufuna kulemba nkhani imodzi, tizisinthana mitu pa WhatsApp. Ndi ya mayi wamasiye amene achibale a mwamuna wake akumulanda katundu. Mnzangayo amakonda nthabwala, ine ayi. Tigwirizane zotani tisanayambe?"

Musathamangire kukambirana pakamwa. Nonse mukhoza kuvomera kuti nkhaniyi ikhale "yachisoni", koma aliyense akuganiza zake. Chitani izi: aliyense payekha alembe chochitika chomwecho m'mawu 300, tinene tsiku limene alamu afika ndi lole kudzatenga mipando ndi makina osokera. Kenako ikani zolembazo pamodzi. Onani ngati amene akusimba nkhani ndi mayiyo, ponena kuti "ndinaima pakhonde", kapena ndi wina wapambali. Onaninso kutalika kwa ziganizo, ndiponso amene akusekedwa. Apa ndi pamene pagona vuto lanu. Nthabwala zikhoza kukhala ndithu, pamaliro pomwe anthu amaseka adzukulu akayamba zawo. Mlamu wadyera akakanirira pakhomo ndi kabati, owerenga aseka ndipo chisoni cha mayiyo sichichepa. Koma wosekedwa akakhala mayiyo, nkhani yasanduka ina. Sankhani ndime imodzi imene nonse mwaikonda, muisunge ngati muyeso wa kamvekedwe ka mitu yonse.

Za malire, "inde" ndi "ayi" sakwanira. Pali zimene sizilowa n'komwe, zimene zingatchulidwe koma osaonetsedwa, ndi zimene zingalembedwe mwatsatanetsatane. Kumenyedwa kwa mayiyo kungaikidwe pagulu lachiwiri: mutu ukutha chitseko chikutsekedwa, wotsatira ukuyamba iye ali ku chipatala. Mwambo wa kulowa kufa, kudzipha, ufiti ndi mawu otukwana muziike m'magulu awo lero lomwe. Wina akakana chinthu, chakanika, ndipo sayenera kufotokoza chifukwa. Simudziwa zimene mnzanu anakumana nazo.

Chimene chimapha nkhani zambiri zolemba awiri ndi kusowa kwa malire pa kayendedwe ka nkhani. Mmodzi amadzuka m'mawa n'kupeza kuti munthu amene wakhala akumuumba m'mitu isanu waphedwa pa ngozi ya minibasi m'mutu wa 6. Ndiye gawanani anthu: inu mayiyo ndi ana ake, mnzanu alamu ndi amfumu. Munthu wa mnzanu mungamuyankhulitse, koma musamuchitire chinthu chosabwezeka. Imfa, mimba, ukwati, kumangidwa ndi kutulukira kwa wilo yobisika zimafuna kuvomera kwa nonse mutuwo usanalembedwe. Mathero muwagwirizane m'chiganizo chimodzi chokha: kodi mayiyo katundu amubwerera kapena ayi? Njira yokafikira kumeneko isiyeni yotsegula.

Zonsezi zikwane tsamba limodzi, ndipo musalisiye pakati pa macheza pomwe lidzakwiririka ndi mauthenga ena. Muliwerengenso pakatha mitu itatu iliyonse. Mukaona kuti mutu wanu ukuthera kukonza zimene mnzanu analemba m'malo mopititsa nkhani patsogolo, imani kaye, mubwerere ku tsambalo musanalembe wina.