Silaki ili pozitivu koma bolodi ikulakwitsabe, vuto ndi jita

Funso la pa imelo: "Achimwene, dizayini yanga ya pa FPGA ikuyenda pa 200 MHz, lipoti la tayimingi likuti silaki ndi +80 ps, koma bolodi imatulutsa data yolakwika kamodzi pa maola angapo. Osileta detashiti yake akuti jita ndi 1 ps RMS basi. Ndiye jita ingakhale vuto pamenepa?"

Eya ingakhale, ndipo ine ndikuikayikira kwambiri. Jita ndi kugwedezeka kwa nthawi yomwe eji ya kiloko imafika, silaki ndi nthawi yopumira yomwe imatsala data ikafika pa nthawi yake. Tiyambe ndi 1 ps yo. Ma detashiti ambiri nambala imeneyo imakhala ya jita ya fezi, yoyezedwa pakati pa 12 kHz ndi 20 MHz, imathandiza anthu a ma linki othamanga ndi ma ADC. Inu yomwe ikukukhudzani ndi ina, pa osilosikopu imalembedwa Period Jitter, kutanthauza kuti piriyodi imodzi yatalika kapena yafupika bwanji kuyerekeza ndi 5000 ps yomwe mukuyembekezera. Palinso Cycle-to-Cycle, kusiyana kwa piriyodi ziwiri zotsatizana, ndi TIE yomwe imaona kuti eji yasochera motani kuchoka pamalo pake pakapita nthawi yaitali. Koma filipufulopu imodzi ikaponya data pa eji ino, inayo nkuigwira pa eji yotsatira, nkhani ndi piriyodi imodziyo basi. Komanso 1 ps ija anayezera ku labu pa magetsi oyera, kiloko yanu ikadutsa mu PLL ndi pa bolodi siifika chimodzimodzi ayi.

Tsopano jita ya piriyodiyo ili ndi mbali ziwiri. Ina ili ndi choyambitsa chodziwika, monga phokoso la regyuleta ya switchingi kapena waya woyandikana nawo amene akusokoneza kiloko, imeneyi ili ndi malire, siipyola pena pake. Ina ndi yachisawawa, imachokera ku phokoso la kutentha mkati mwa ma transisita, imatsata Gaussian ndipo ilibe malire, nchifukwa chake amaipereka mu RMS kapena kuti sigima. Mukadikira nthawi yaitali mumakumana ndi piriyodi yaifupi kuposa zonse zomwe munaziona kale.

Tiyeni tiike manambala ongoyerekeza pa silaki yanuyo. Tinene kuti filipufulopu imatenga 400 ps kutulutsa data, lojiki ndi mawaya 4420 ps, setapu, nthawi yomwe data iyenera kukhala itakhazikika eji isanafike, 100 ps, zonse 4920 ps, ndiye 80 ps ija ndi yotsala pa 5000. Jita ya malire ija ikhale 60 ps kuchoka kunsonga kufika kunsonga, theka lake 30 ps ndi lomwe lingafupikitse piriyodi, mwatsala ndi 50 ps. Yachisawawa ikhale sigima 7 ps. Ndiye 50 ps yanu ndi ma sigima 7 ndi kakang'ono, ndipo mwayi woti piriyodi ifupike ndi ma sigima 7 ndi pafupifupi kamodzi pa ma saiko 10^12. Zikumveka ngati sizingachitike eti? Koma pa 200 MHz ma saiko amenewo amatha mu masekondi 5000, ola limodzi ndi theka silikwana nkomwe. Poti njira yayitali ya 4920 ps ija siisintha data pa saiko iliyonse, kulakwitsa kamodzi pa maola angapo nkomveka ndithu.

Apa mpamene jita imandiopsa ine. Sigima ingokwera kuchoka 7 kufika 10 ps, 50 ps yomweyo yasanduka ma sigima 5, kamodzi pa ma saiko 3.5 miliyoni, kutanthauza kambirimbiri pa sekondi imodzi. Ma ps atatu okha, bolodi yoti imalakwitsa mwa apo ndi apo yasanduka yosagwira ntchito.

Chenjeraninso ndi osilosikopu. Mukayeza ma saiko 10,000 mumaona mpaka cha m'ma sigima 3.7 mbali iliyonse, ndiye pk-pk ya pa sikirini, ya kunsonga kufika kunsonga ija, imaoneka yabwino pomwe mchira weniweni simunaufike. Isiyeni iziyeza, ngati pk-pk ikukulirabe pang'onopang'ono imeneyo ndi yachisawawa, ngati histogalamu ili ndi nsonga ziwiri ndiye pali china chikuikoka, yambani ndi pawa sapulayi ndi ma kapasita a pafupi ndi PLL.

Kuti mutsimikize, tsitsani kiloko kufika 190 MHz, piriyodi ikhala pafupifupi 5263 ps. Zolakwika zikatha ndiye ndi setapu. Zikapitirira yang'anani holodi, nthawi yomwe data iyenera kukhalabe osasintha eji itadutsa, kapena malo amene data ikuwoloka pakati pa makiloko awiri, poti holodi imayezedwa pa eji imodzimodzi, kutalikitsa piriyodi sikuithandiza.

Kenako muiuze tulu ya tayimingi zoona, siidziwa osileta ya pa bolodi panu. Mu Vivado, manambala ali mu ns:

```
set_input_jitter clk 0.100
set_clock_uncertainty -setup 0.080 [get_clocks clk]
```

Yoyamba ndi ya jita yolowa pa pini, yachiwiri ndi yowonjezera malo opumira, musaike jita yomweyo kawiri. Silaki ikapita negetivu musakwiye, dulani njira yayitaliyo ndi rejisita ina pakati, muyendetsenso tayimingi.