Zigamba zofiira pankhope ya khanda

"Abale ojambula, ndajambula khanda la masiku asanu ndi anayi. Nkhope yonse zigamba zofiira ndi tiziphuphu, mapazi akuda ngati papo. Ndikasalaza akuoneka ngati chidole. Ndipange bwanji?"

Achemwali, musasalaze! Chotsani kaye dzanja pa Blur, chida chosalazira cha mu Photoshop. Nkhaniyi ikundiwawa chifukwa ine inandionongera ubale ndi banja lomwe ndinalijambula kuyambira pa chinkhoswe.

Ndinajambula mwana wawo woyamba atangotuluka m'chikuta. Anali ndi zigamba m'masaya, khungu likusupuka m'manja, ndiponso kabanga kakuda pansi pa khutu lakumanzere, kobadwa nako. Ndinakonza bwinobwino ndekha, kabangako ndinakasiya, n'kukapereka kotsukitsa zithunzi kuti andipangire chachikulu cha mufulemu. Mnyamata wa pamalopo, osandifunsa, osandiimbira, anachitsegula pakompyuta yake n'kuchidutsitsa mu fyuluta yomwe amasalazira nkhope za akwati. Anachikulunga m'pepala la khaki n'kumata tepi, ine n'kunyamula kupita nacho kwa eni ake. Pabalaza panali podzaza, azakhali, apongozi, anansi obwera kudzaona mwana. Mayi wa khanda anang'amba pepala lija akumwetulira, kenako kumwetulira kuja kunangozima. Mwana wayera mbee, masaya akunyezimira, timizere ta pansi pa maso palibe, tiubweya ta pachipumi palibe, nsidze zasungunuka. Agogo anachilandira, kuchiyandikitsa kumaso, n'kutembenuza mutu wa mwana weniweniyo amene anali pamiyendo pawo. Anafunsa motsitsa mawu kuti, "Nanga banga la kwathu lili kuti?" Kenako anakweza mpango n'kundionetsa lawo, malo omwewo pansi pa khutu. Palibe anayankhulanso. Ndinkamva thukuta likutsika kumsana, fulemu ili yotsamira mpando, aliyense akuyang'ana pansi.

Nditabwerera kwa mnyamata uja anandiyankha kuti, "Ndakuthandizani, makasitomala amakonda choncho." Kundithandiza! Kuyeretsa mwana wa eni ake, kufufuta chizindikiro cha kumtundu, ndiye n'kukana kubweza ndalama, ati pepala latha kale. Anthu otere akuononga ntchito yathu. Sadziwa kusiyanitsa nkhope yopaka paudala ndi khungu la mwana wa sabata imodzi. Mukamapereka zithunzi kotsukitsa muziwauza pamaso kuti asakhudze chilichonse, ndipo mutsegule pomwepo musanachoke.

Tsono za khanda lanulo. Chimene chikukusowetsani mtendere ndi mtundu, osati kukhakhala kwa khungu. Zigamba zambiri za masiku oyambirira ndi kufiira chabe, ndipo zimatha zokha. Blur imapha timizere, timakwinya ndi tiubweya, zomwe zimachititsa kuti diso likhulupirire kuti ili ndi khungu, koma kufiirako imangokumwaza. N'chifukwa chake mukupeza chidole chofiirabe. Kuti mutsimikize, chotsani mitundu yonse kwakanthawi, chithunzi chikhale chakuda ndi choyera. Chigamba chikazimirira, ndiye kuti vuto ndi mtundu wokha. Chikatsalabe ngati mthunzi, pamenepo pafunikanso kuwalitsa pang'ono ndi Curves.

Yambani ndi White Balance. Ngati mwana anagona pa chitenje chofiira kapena bulangete la pinki, theka la kufiirako lachokera pansaluyo, ndipo mudzaliona kwambiri kunsi kwa chibwano ndi tsaya lomwe lagonera. Mukakonza zimenezo, mu Photoshop ikani leya ya Hue/Saturation, pomwe palembedwa Master musankhe Reds. Kokerani Saturation mpaka +100. Nkhope yonse iyaka moto, musadandaule, mukungofuna kuona malo omwe agwidwa. Pansi pali mizere iwiri ya mitundu yokhala ndi timivi. Sunthani timiviwo, kuchepetsa mpata, mpaka zomwe zikuyaka zikhale zigamba zokha, khungu labwino litabwerera mwakale. Apa ndi pomwe pali ntchito yonse, musapupulume. Ndiye bwezerani Saturation pa 0, Hue mukweze pang'ono, ine ndimasewera pakati pa +6 ndi +10. Mudzaona chigamba chikulowa mu mtundu wa khungu loyandikana nalo, koma timizere tonse tili pomwepo.

Samalani ndi ana athu akhungu loderali. Amabadwa ofiirira, n'kumada pang'onopang'ono, ndiye kufiira kwina ndi kwawo ndithu. Hue ikapitirira, tsaya limapita kuchikasu kapena kubiriwira. Saturation ikatsika kwambiri mwana amatuwa, amaoneka wodwala. Ine sinditsika kupyola -10. Lightness ndimangoikhudza, +3 kapena +4, chifukwa ndi imeneyo imayeretsa mwana mwakabisira.

Mukatero dinani pa masiki ya leyayo, Ctrl+I, ide yonse. Tengani burashi yoyera yofewa, Flow pa 10%, muzipaka pazigamba pokha. Milomo musaikhudze. Nsonga ya mphuno ndi pakati pa masaya musiyepo kufiira pang'ono, ndi pomwe pamaonetsa kuti magazi akuyenda. Mapazi a papowo njira ndi yomweyo, koma leya ina, musankhe Magentas, Hue mukweze kuti abwerere kufiira. Amatero chifukwa magazi sanayambe kufika bwino kumapazi ndi m'manja, makamaka mwana akazizidwa, choncho ulendo wina funditsani chipinda, mapazi muwafunditse mpaka mutakonzeka kujambula.

Tiziphuphu ndi khungu losupuka ndi ntchito ya Healing Brush, pa leya yatsopano yopanda kanthu, Sample ikhale pa Current & Below. Kuzani chithunzi kufika 100%, burashi ingoposa kachiphuphuko pang'ono, mutenge khungu la pafupi pomwepo. Kamodzikamodzi, kudina, osati kukoka. Mukatenga khungu la pachipumi n'kuika patsaya zimaoneka, chifukwa timizere sitiyenda mofanana. Ndipo simuyenera kutha tonse. Timadontho toyera ta pamphuno ndimachotsa takutitakuti, tina ndimasiya. Kusupuka kwa tizala takumapazi ndimakusiya konse, amayi ambiri amakukonda. Mabanga obiriwira a pamatako ndi kumsana, omwe ana athu ambiri amabadwa nawo, kapena banga lililonse lobadwa nalo, funsani makolo musanakhudze. Ndikubwerezanso, funsani.

Mukamaliza ikani maleya onse m'gulu limodzi, Opacity mutsitse kufika cha m'ma 70%, muzizimitsa ndi kuyatsa. Ngati nkhope yasalala kuposa dzanja lomwe lili pambali pake, mwapitirira. Ngati simukuonanso tiubweya m'mphepete mwa tsaya pomwe pali kuwala, mwapitirira. Chinanso, mukaona kuti mwana ndi wachikasu mpaka m'maso ndipo si magetsi a m'nyumba, auzeni amayi apite naye kuchipatala, musangokonza pakompyuta n'kukhala chete.

Komabe musakapereke chosasalaza n'komwe, achemwali. Amayi ambiri amatumiza chithunzicho pa WhatsApp kwa abale, ndipo akaona khungu lonse likuoneka gwa amati simunagwire ntchito. Ine pomaliza ndimatsegula mu Lightroom, ndi burashi pamasaya ndi pachipumi pokha, Texture pa -10, mwina -15 ngati kasitomala ndi wokonda zosalala. Akanena yekha kuti akufuna zoposa pamenepo, mpatseni, ndalama ndi zake, koma mumutumizire ziwiri, chosalalacho ndi chinacho, asankhe musanakatsukitse.