Onse analakwa funso limodzi, koma matenda awo si amodzi

"Ndimaphunzitsa masamu Giredi 9 kuno ku Katete. Pa mayeso a aljebra, ana 41 mwa 60 analephera. Ndinabwereza mutu wonse kwa sabata imodzi, koma pa mayeso achiwiri palibe chinasintha. Kodi ndiyambire pati?"

Aphunzitsi anzanga, tsekani kaye buku la malikisi, mutulutse mapepala a anawo. Malikisi amangokuuzani amene wagwa, koma chimene chamupunthwitsa chili m'mizere imene analemba asanafike pa yankho. Sankhani funso limodzi limene ambiri analakwa, ndipo muunjike mapepalawo potsata yankho lolakwika, ofanana pamodzi.

Tinene kuti funsolo linali 5 − 2(x − 3) = 1. Njira yake ndi 5 − 2x + 6 = 1, kenako −2x = −10, ndipo x = 5. Mukaunjika, mudzadabwa kuti mayankho olakwika si ambirimbiri ayi, milu imakhala itatu kapena inayi.

Mulu waukulu kawirikawiri ndi wa x = −1. Ana awa analemba 5 − 2x − 6. Kutsegula mabulaketi akudziwa, kusamutsa manambala akudziwa. Chimene chawavuta ndi kuchulukitsa −2 ndi −3. Vuto lawo si aljebra konse, ndi manambala a negetivu amene anawadutsa mothamanga m'giredi yam'mbuyo. N'chifukwa chake sabata yanu yobwereza sinawakhudze. Kuti mutsimikize, apatseni −2 × −3 ndi 5 − (−3), popanda chilembo chilichonse. Akalakwanso, yambirani pa mzere wa manambala ndi pa nkhani ya nkhongole: ngati wa kantemba wakufafanizira nkhongole ziwiri za K3 iliyonse, wapindula K6, sunataye. Lamulo loloweza lakuti negetivu ziwiri zimapanga pozitivu ine sindilikonda, chifukwa mwana yemweyo mawa adzalemba kuti −4 − 5 = 9.

Mulu wa x = 10/3 ndi wosiyana kotheratu. Awa anayamba ndi 5 − 2, napeza 3(x − 3) = 1, chifukwa amawerenga samu kuchokera kumanzere ngati chiganizo. BODMAS amaiimba bwino, koma saona kuti 2 wagundana ndi bulaketi chifukwa akuchulukitsa. Afunseni kuti munthu ali ndi K10, wagula vitumbuwa viwiri pa K3 chimodzi, chenji ndi zingati. Onse adzati K4. Tsopano alembetseni 10 − 2 × 3, muone angati apeze 24, ndipo muwasiye akangane okha.

Amene anapeza x = 1/2 anachulukitsa 2 ndi x yekha, 3 n'kumusiya. Awa sachedwa kuchira: ayerekeze 2(7 − 3) ndi 14 − 3, aone 8 ndi 11. Wopeza x = −5 anayenda bwino mpaka mzere womaliza, musamuike pamodzi ndi enawo musanamufunse, mwina kunali kuthamanga chabe.

Kufunsako n'kofunika, chifukwa pepala limanama. M'kalasi ya ana 60 okhala atatu pa desiki, mayankho ofanana ena ndi okopera. Ndiponso mwana amene sanalembe kanthu sanakuuzeni chilichonse: kaya nthawi inamuthera, kaya Chingerezi cha funsolo chinamutsekereza. Tengani ana awiri pa mulu uliwonse, muwafunse payekhapayekha, m'Chinyanja ngati n'kotheka. Anne Newman wa ku Australia anakonza mafunso otere mu 1977: mwana awerenge funso mokweza, anene chimene likufuna, anene njira imene atsate, awerengetsere mukuona, kenako alembe yankho. Pamene wayamba kudodoma ndi pamene pali vuto. Musamuthandize pakati, ngakhale mtima ukuyabwa.

Pokonza maphunziro obwereza, cholakwa chimene chili mwa ana oposa theka la kalasi chiphunzitseni kwa onse pa bolodi, ndipo mudzifunse ngati sichinachokere pa choko chanu. Ine ndinaphunzitsa zaka zingapo kuti a ndi apozi, b ndi banana, ndipo ana anga ankalemba 3a + 2b = 5ab mosangalala, zipatso zisanu m'mbale imodzi. Milu yaing'ono ipatseni mphindi 15 kapena 20 pagulu, mafunso anayi okhudza cholakwa chawo chokha, oyamba a manambala, otsiriza a zilembo. Onse azolowere kubweza yankho m'funso: x = −1 akupereka 13, osati 1.

Pakatha masabata awiri, ayeseninso ndi 7 − 3(y − 2) = 1. Yankho ndi y = 4. Mukaona y = 0, negetivu ikadalipo; mukaona 9/4, akuyambabe kumanzere.