Dzira lokakamira pachiwaya ndi masekondi atatu oyamba a vidiyo

"Ndayamba kujambula mavidiyo aafupi ophunzitsa anthu amene angoyamba kumene kuphika, koma anthu amangowapitirira ndisanafike n'komwe pophika penipeni. Kodi ndinene chiyani m'masekondi atatu oyamba kuti chala chawo chiime?"

Achemwali, kalata yanu yandikumbutsa vidiyo yanga yoyamba, imene ndinaijambula ndi mtima wonse. Inali yophunzitsa kukazinga dzira osakakamira pachiwaya chachitsulo. Ndinaimika foni patebulo, ndinapereka moni, ndinatchula dzina langa, ndinathokoza aliyense amene wabwera kudzaonera, kenaka ndinayamba kusonyeza zipangizo chimodzichimodzi: chiwaya, mafuta ophikira, dzira ndi mchere. Nditaionereranso ndikuyang'ana nthawi, ndinapeza kuti dzira linasweka pa sekondi ya 14. Pa masekondi 13 onsewo, munthu amene anali ndi vuto la dzira lokakamira sanaone chilichonse chomuuza kuti vidiyoyo ndi yake. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa phunziro lenilenilo linali labwino, ndipo ndinkadziwa kuti likanathandiza munthu amene watopa ndi kupala chiwaya m'mawa uliwonse.

Ulendo wachiwiri ndinalakwitsa mwanjira ina. Ndinamva anthu akulangiza kuti vidiyo yophika iyambe ndi chakudya chopsa kale, chokongola, chili m'mbale, ndipo ndinatero. Malangizo amenewo ali ndi malo ake, koma ine tsopano ndimawakana ndithu pa mavidiyo a anthu ongoyamba kumene. Munthu wodziwa kuphika akaona mbale yokongola amaganiza zokayesa. Munthu amene wapsereza chakudya katatu sabata ino akaona mbale yomweyo amaganiza kuti zimenezo n'za akatswiri, ndipo amapitirira. Chimene chimamuimitsa ndi kuona tsoka lake lomwe likuchitika m'manja mwa munthu wina, chifukwa pamenepo amazindikira kuti wojambulayo akudziwa chimene chimamuvuta.

Choncho ndinajambulanso, ndipo ndinayamba ndi kulakwitsa dala. Ndinaika dzira pachiwaya chosatentha mokwanira, n'kuyandikitsa foni mpaka chiwayacho chinadzaza sikirini yonse. Chithunzi choyamba chenicheni chinali sipuni ikukankha dzira, dziralo likung'ambika, chikasu chake chikuyenderera, ndipo mbali yoyera itakakamira pachitsulo ngati guluu. Phokoso la sipuni ikukanda chiwaya ndinalisiya kuti limveke, osaikapo nyimbo. Nkhope yanga sinaoneke. Mawu amene ndinanena anali awa okha: "Dzira lanu limatere? Vuto ndi moto." Pa sekondi yachinayi, chithunzi chinasintha n'kusonyeza dzira lina likutsetsereka pachiwaya chomwecho.

Mawu amenewo sanabwere nthawi imodzi, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kuti tikhalitsepo. Poyamba ndinalemba kuti, "Lero ndikuphunzitsani njira yosavuta yokazingira dzira kuti lisakakamire pachiwaya chanu." Nditawerenga mokweza ndikuyang'ana wotchi, chiganizocho chinadya masekondi oposa asanu, ndipo mawu ofunika, "lisakakamire", anafika kumapeto. Mawu athu a Chichewa ndi aatali, moti m'masekondi atatu mungathe kunena bwinobwino mawu asanu kapena asanu ndi limodzi okha, pokhapokha muthamangitse lilime mpaka womvera asamve kanthu. Ndinachotsa "lero", chifukwa aliyense akudziwa kuti ndi lero. Ndinachotsa "ndikuphunzitsani", chifukwa mawuwo akunena za ine, pamene woonera akufuna kumva za iye. Ndinachotsanso "yosavuta", chifukwa munthu amene zinthu zikumukanika safuna kuuzidwa kuti chimene chamugonjetsacho n'chapafupi. Ndipo popeza chithunzi chinali chikusonyeza kale kukakamirako, panalibe chifukwa chokutchulanso ndi pakamwa, choncho mawu akuti "limatere" anakwanira.

Gawo lachiwiri, lakuti "Vuto ndi moto", ndi limene limagwira munthu kuti adikire. Likumuuza kuti chifukwa chake n'chimodzi, ndiponso kuti iyeyo si wolephera, koma silikumuuza kuti motowo uchuluke kapena uchepe. Funso limenelo limatsala m'mutu mwake, ndipo yankho lake liyenera kubwera msanga. Mu vidiyo yanga, pofika sekondi ya 10 ndinali nditayamba kale kusonyeza kuti chiwaya chachitsulo chiyenera kutentha kaye chisanalandire mafuta, kuti mukadonthezapo madzi pang'ono n'kuona timadontho tikugubuduka ngati mikanda ndiye kuti chatentha, ndi kuti mukathira mafuta muchepetse moto, muswere dzira, n'kulisiya osaligwira mpaka mbali yoyera italimba pansi.

Pali nyambo zina zokopera woonera zimene ndimadana nazo kwambiri, monga zakuti "mwakhala mukulakwitsa moyo wanu wonse" kapena "chinsinsi chimene ophika safuna kuti muchidziwe". Zimaimitsadi chala, sindikana, koma munthu wongoyamba kumene amabwera ali ndi manyazi kale, ndipo kumunyoza kuti akuonereni n'kumugwiritsa ntchito molakwika. Komanso akapeza kuti chinsinsicho ndi kungotenthetsa chiwaya, amaona kuti mwamunamiza, ndipo vidiyo yanu yotsatira adzaipitirira akangozindikira mawu anu.

Zoti muchite musanaitumize

Kumbukirani kuti anthu ambiri amaonera foni itatsekedwa mawu, choncho mawu anu ochepa aja alembedwenso pasikirini kuyambira pa chithunzi choyamba. Aikeni chapakati, chifukwa pa TikTok, pa Instagram Reels ndi pa YouTube Shorts, m'munsi ndi kudzanja lamanja mumadzaza mabatani ndi dzina la wotumiza, zimene zingaphimbe zolemba zanu. Mafoni ambiri amajambula zithunzi 30 pa sekondi iliyonse, kutanthauza kuti masekondi atatu ndi zithunzi 90. Mukasiya theka la sekondi koyambirira dzanja lisanayambe kuyenda, mwataya zithunzi 15 pachabe, ndiye dulani vidiyoyo pamene sipuni yayamba kale kukankha.

Mukatero, tsekani mawu, patsani foni munthu amene sadziwa kuphika, muimitse vidiyo pa sekondi yachitatu, ndipo mumufunse kuti akuganiza kuti aphunzira chiyani. Akayankha kuti "zokhudza mazira", nyamboyo sinakwane. Akayankha kuti "chifukwa chimene dzira limakakamira", itumizeni.

Ikatuluka, yang'anani mzere wosonyeza pamene anthu amasiyira kuonera. Pa YouTube Studio, pamene wotumiza amaonera mmene mavidiyo ake akuyendera, pali chiwerengero cha "Swiped away", chosonyeza amene anangopitirira. Ngati ambiri akuthawa m'masekondi atatu oyamba, konzani chithunzi choyamba ndi mawu ake. Ngati akudutsa pamenepo koma n'kuthawa cha pa sekondi ya 6 kapena ya 8, nyambo ili bwino koma yankho lachedwa, ndipo kawirikawiri mudzapeza kuti mwabwezeretsa moni ndi kusonyeza zipangizo pamalo amenewo. Pa vidiyo yanu yotsatira, sankhani cholakwika chimodzi chimene ophunzira anu amadandaula nacho kwambiri, ndipo muchijambule chikuchitika musanalembe liwu lililonse.