Nambala ya bokosi si positi khodi

"Ndagula katundu pa intaneti ndipo fomu ikufunsa positi khodi. Ine ndili ndi bokosi la ku positi ofesi, nambala 214. Kodi ndingolemba nambala yomweyo pamenepo?"

Musatero, chifukwa manambala awiriwa amagwira ntchito zosiyana. Positi khodi imauza osanja makalata dera limene katundu akupita, pomwe nambala ya bokosi imagwira ntchito katunduyo atafika kale pa positi ofesi yoyenera. Bokosi 214 limapezeka m'mapositi ofesi ambirimbiri, choncho nambalayo payokha siiloza dera lililonse. Chimene chimasiyanitsa bokosi lanu ndi la munthu wina ndi dzina la positi ofesi pamodzi ndi khodi yake.

Kuti muone mmene khodi imalozera malo, taganizirani za khodi ya ku Amereka, yomwe inayamba mu 1963 ndipo ili ndi manambala asanu. Nambala yoyamba imaloza chigawo chachikulu cha dziko, atatu oyambirira pamodzi amaloza malo osanjira makalata, ndipo awiri otsiriza amaloza positi ofesi kapena dera logawirako. Mukalakwitsa nambala yoyamba, phukusi likhoza kutumizidwa kutali kwambiri, kenako n'kubwezedwa patapita masiku.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri, ndipo ndikufuna muchimvetse bwino, n'chakuti khodi ya bokosi imatsata positi ofesi imene bokosilo lili, osati nyumba imene inu mumakhala. M'mayiko ena mzinda umodzi umakhala ndi makhodi awiri: pakati pa Johannesburg, makalata a m'mabokosi amapita ndi 2000, koma opita m'misewu amapita ndi 2001. Tiyerekeze kuti bokosi lanu lili kumeneko. Pa mzere wa keyala mulemba P.O. Box 214, pa mzinda Johannesburg, pa khodi 2000. Mukaphatikiza bokosi ndi khodi ya msewu, mwapereka malangizo awiri otsutsana, ndipo katunduyo akhoza kuchedwa mpaka wina atakonza pamanja. Ziro woyambirira nayenso musamusiye, pakuti khodi ya mabokosi a ku Pretoria ndi 0001, osati 1.

Musanalipire, funsani kaye kuti katunduyo abwera ndi yani. Akabwera kudzera ku positi, bokosi ndi lokwanira, ndipo phukusi likakula kuposa bokosi amakuikirani kapepala koti mukalitengere pa kauntala. Koma makampani ambiri onyamula katundu omwe si a positi salandira keyala ya bokosi, chifukwa alibe chilolezo choika zinthu m'mabokosiwo ndiponso amafuna munthu woti asainire. Iwowa apatseni keyala ya msewu, khodi ya msewuwo ndi nambala ya foni.

Khodi yeniyeni ya bokosi lanu kaifunseni ku positi ofesi komwe mumalipira lendi ya bokosilo.