Nthambo yaitali ndi foni yosadzadza: wolakwa ndani, ekisitenshoni kapena kachingwe ka foni?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa pa Kamwendo ku Mchinji:

"Achimwene, ndili ndi kaokala komwe ndimatchajitsanso mafoni. Magetsi ndimakoka kwa eni nyumba ndi ekisitenshoni ya mamita 30. Foni ya kasitomala itabedwa pathebulo, ndinagula nthambo zotchajira za mamita atatu kuti mafoni azikhala m'kabati yokiya. Chiyambire pamenepo foni ikumatha tsiku lonse osadzadza, anthu ayamba kundithawa. Bambo a kunyumba akuti vuto ndi kutalika kwa ekisitenshoni. Kodi ndigule ina?"

Mayi, ndalama ya ekisitenshoniyo musaitulutse kaye. Bambo a kunyumba anena zoona kuti magetsi amafooka akayenda mtunda, koma aloza chala nthambo yosalakwa. Amene akukudyerani malonda ndi tinthambo ta mamita atatu tija.

Waya aliyense, ngakhale wa kopa weniweni, amakaniza magetsi pang'ono. Amene anathirirako mbewu kudimba ndi paipi akudziwa kuti paipi yaitali ndi yopyapyala imatulutsa madzi ofooka kumapeto, ngakhale wopopa akhetse thukuta chotani. Waya naye ndi choncho. Kukaniza kwakeko timakuyeza m'maomu, mphamvu yokankha magetsi timaiyeza m'mavoti, ndipo kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa timakuyeza m'maampu. Mavoti amene amatayika panjira, V, timawapeza pochulukitsa maampu, I, ndi maomu, R:

```
V = I × R
```

Chimene anthu ambiri amaiwala n'chakuti magetsi amapita n'kubwerera. M'kati mwa nthambo muli waya wopititsa ndi wina wobweza, choncho nthambo ya mamita atatu ndi ulendo wa mamita 6.

Tsopano titenge kanthambo kanu. Nthambo zambiri zotsika mtengo zimakhala ndi tiwaya topyapyala kwambiri, tija pa nthambo zina amalemba kuti 28AWG. Waya wotere amakaniza pafupifupi maomu 0.21 pa mita iliyonse. Pa mamita 6 tapeza maomu 1.3. Tchaja wamba amatulutsa mavoti 5. Foni ikafuna kukoka ampu imodzi yokha, mavoti 1.3 athera m'nthambo, kufoni kwafika 3.7. Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa batire ya foni imadzadza ikafika mavoti 4.2 kapena kupitirirako pang'ono. Madzi sakwera okha kuchoka kuchigwa kupita kumtunda; mavoti 3.7 sangakankhire moto m'batire imene ikufuna 4.2.

Foni siikhala chete n'kumangoonerera. M'kati mwake muli kachipangizo koyang'anira kutchaja, ndipo kakaona mavoti akutsika kufika cha m'ma 4.5, kamachepetsa magetsi amene kakukoka mpaka mavoti atakhazikika. Pa nthambo yanuyo, kuti patayike theka la voti lokha, foni iyenera kukoka maampu 0.4 basi. Mafoni ambiri a masiku ano ali ndi batire yolembedwa 5000mAh. Pa maampu 2 batire yotere imadzadza pa maola atatu kapena kuposerapo pang'ono. Pa maampu 0.4 ndi maola 12, ndipo apo n'kuti foniyo ili chigonere. Ikakhala yoyaka, mauthenga a pa WhatsApp akulowa, netiweki ikuvuta foni n'kumaisakasaka, kamoto kolowako kamathera pomwepo. Ndiye kasitomala wasiya foni m'mamawa popita kumsika, akubwera dzuwa litapendeka, akupeza yangokwera pang'ono. Chizindikiro cha mphezi chija chimaoneka ndithu pagalasi, n'chifukwa chake vutoli limapusitsa anthu. Chizindikirocho chimangonena kuti moto ukulowa, sichinena kuti ukulowa wochuluka bwanji.

Yerekezani ndi nthambo ya mita imodzi ya waya wonenepako, wa 24AWG. Manambala amenewa amayenda chobwerera: nambala ikachepa, waya ndiye wanenepa. Ameneyu amakaniza maomu 0.084 pa mita, kupita ndi kubwera 0.17. Foni ikakoka maampu 2, patayika gawo limodzi mwa magawo atatu a voti, kufoni kwafika pafupifupi 4.7. Foni ikhutira, ikoka mmene ikufunira. Tchaja ndi yemweyo, soketi ndi yomweyo, chasintha ndi nthambo yokha.

Nanga ekisitenshoni ija? Tiiwerengere nayo, kuti bambo a kunyumba asati ndaikondera. Sindinaione, choncho nditenga yopyapyala imene imapezeka kwambiri m'mashopu, yolembedwa 0.75mm² pakhungu pake. Ngati ndi kopa weniweni, mamita 30 kupita ndi kubwera, kutanthauza mamita 60, amakaniza maomu 1.4. Mwaona? Pafupifupi chimodzimodzi ndi kanthambo ka foni kaja. Kusiyana kuli pa zimene zikudutsamo. Magetsi a m'nyumba kuno kwathu ndi a mavoti 230, ndipo pa mavoti ochuluka chotere tchaja wa foni amangokoka maampu pafupifupi 0.05. Mukabaya matchaja khumi nthawi imodzi, onse pamodzi akoka theka la ampu, ndipo m'mamita 30 onsewo mutayika voti yosakwana imodzi. Kuchotsa voti imodzi pa 230 kuli ngati kutapa chikho chimodzi m'thumba la chimanga. Kuchotsa voti imodzi pa 5 ndi nkhani ina.

Komanso tembenuzani tchaja wanu muwerenge timalemba tating'ono tija. Pa ambiri mupeza INPUT 100-240V. Tchaja wotere amagwira ntchito bwinobwino ngakhale magetsi atatsika kwambiri, monga amachitira madzulo aliyense akayatsa zake. Ndiye ngati pali mtunda woti magetsi ayende, auyende ali pa mavoti 230, osati atatsitsidwa kale kufika pa 5.

Chochita chake n'chosavuta. Boolani kabowo kumbuyo kwa kabati, mulowetsemo mutu wa ekisitenshoni, uja wa masoketi. Matchaja akhale m'kabati momwemo pamodzi ndi mafoni, ndipo nthambo zikhale za mita imodzi kapena zofupikirapo. Kabatiyo ikhale ndi timabowo tolowera mpweya pamwamba ndi pansi, chifukwa matchaja khumi ndi mabatire khumi m'bokosi lotsekeka mwezi wa Okutobala ku Mchinji si zinthu zosewera nazo. Foni ikatentha imachepetsanso kutchaja yokha, mudzabwererenso kwa ine ndi dandaulo lomweli.

Musanaboole kabati, yesani kaye kuti muone ndi maso anu. Tengani foni imodzi imene batire yake ili pansi, cha m'ma 20 kapena 30 peresenti. Osatenga yotsala pang'ono kudzadza, chifukwa ikapitirira cha m'ma 80 foni iliyonse imayamba kukoka pang'onopang'ono, nthambo ikhale yabwino kapena yoipa. Itchajeni mphindi 15 ndi nthambo yaitali, mulembe mmene yakwerera. Sinthani nthambo yokha, muike yaifupi imene inabwera ndi foni m'katoni, mudikirenso mphindi 15. Mukafuna kutsutsa bambo a kunyumba mwaulemu, nyamulani tchaja ndi nthambo yaitaliyo mukabaye pa soketi ya eni nyumba, popanda ekisitenshoni. Mudzapeza kuti foni ikukwawabe chimodzimodzi. Kulinso timamita tating'ono tobaya pakati pa tchaja ndi nthambo, timene timaonetsa mavoti ndi maampu. Kwa munthu amene kutchajitsa ndi bizinesi yake, kamita kotere n'kofunika kuposa nthambo zisanu zatsopano.

Pogula nthambo, kunenepa kwa kunja kusakunamizeni. Ine ndinagulapo ina pa Kasungu, yokutidwa ndi ulusi wolukana bwino, yolemera m'manja, wogulitsa akulumbira kuti ndi yachangu. Itandikwiyitsa ndinaidula ndi lezala. Pulasitiki ndiye anali wochindikala, koma m'kati munali tiwaya tingapo tonga tsitsi la mwana. Nditakanda kamodzi ndi mpeni, kufiira kwa kopa kunachoka, kunatsala koyera. Ameneyo ndi aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba, ndipo amakaniza magetsi kuposa kopa ndi theka kapena kupitirirapo. Wina amakhala wachitsulo, moti maginito amamugwira, pamene kopa weniweni sagwidwa ndi maginito. Poti simungadule nthambo m'shopu ya mwini, pemphani kuiyesa pafoni yanu musanalipire. Mafoni ambiri amalemba pagalasi nthawi yotsala kuti adzadze. Nthambo ziwiri zikapereka nthawi zosiyana kwambiri pa tchaja mmodzi, mwadziwa yoti mutenge.

Kukaniza kwina kumabisala kumitu. Kamutu ka nthambo kakayamba kugwedera, kapena pakamwa pa foni pakadzadza fumbi ndi ulusi wa m'thumba, pamenepo pamatayikanso mavoti, ndipo mukagwira mumamva kufunda. Foni za makasitomala ochokera kumunda zimakhala ndi vutoli kawirikawiri. Zimitsani foni, mutokose pang'onopang'ono ndi kamtengo kosongola, osati singano kapena phini.

Mwina mudzafunsa chifukwa chake foni ya munthu wina imadzadzako msanga pa nthambo yaitali yomweyo. Mafoni ena ndi matchaja awo amagwirizana kukweza mavoti kufika pa 9, ndipo pa tchaja wotere mupeza palembedwa 5V ndi 9V. Mavoti akakwera, mphamvu yomweyo imadutsa ndi maampu ochepa, kutayika n'kuchepanso. Koma zimatheka pokhapokha foni ndi tchaja onse akudziwa chinenero chimodzi, ndipo pa okala pobwera mafoni a mitundumitundu simungadalire zimenezo.

Ekisitenshoni ndaiikira kumbuyo pa nkhani ya mafoni yokha. Tsiku limene mudzabayepo ketulo kapena simbi yamagetsi ya mawati 2000, masamu aja adzatembenuka. Chipangizo chotere chimakoka maampu pafupifupi 9. Pa maomu 1.4 patayika mavoti 12, ndipo mphamvu yotayikayo siuluka, imasanduka kutentha m'waya momwemo, kopitirira mawati 100. Waya wa 0.75mm² anapangidwira maampu 6 okha, pamene fyuzi imene imabwera m'mapulagi ambiri a mano atatu ndi ya maampu 13, moti waya akhoza kutentha, fyuzi ili phee. Zimaipiratu nthamboyo ikakhala yokulungidwa pamodzi kuseri kwa kauntala, chifukwa kutentha kumasowa kothawira mpaka pulasitiki kufewa. Yotsala muziitambasula, ndipo ngati muli ndi maganizo oika firiji ya zoziziritsa kukhosi mu okalamo, itanani wamagetsi wodziwa ntchito akukokereni waya wonenepa wa 2.5mm² ndi soketi yakeyake. Firiji imakoka magetsi ambiri pa kamphindi kamene ikuliza injini yake, ndipo mavoti akagwa pa nthawi imeneyo mumangomva ikulira pang'ono n'kudula, kulira n'kudula, osazizira.

Tinthambo ta mamita atatu tija musatitaye. Foni zing'onozing'ono za mabatani zimakoka magetsi ochepa, ndipo ngati mitu yake ikulowa, zimadzadza bwinobwino pa nthambo zimenezo.